Mayi Akayamba Kutaya Magazi Atangochira: Zochita Namwino M'mphindi 15 Zoyambirira

Malangizowa ndalembera anzanga anamwino ndi azamba a m'zipatala zing'onozing'ono za m'boma la Zomba, makamaka amene mumachezera nokha m'chipinda chochilira, mulibe fiyeta, mulibe magazi owonjezera, ndipo ambulansi imachokera kutali. Ndikamba za ola loyamba mwana atabadwa, chifukwa amayi ambiri amene amatisiya ndi vutoli amayamba kutaya magazi nthawi imeneyi, ife tili kalikiliki ndi khanda kapena tikulemba m'kaundula.

Mwezi wobereka ukakwana, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse. Nsengwa ikachoka, mitsempha imene inkaidyetsa imatsala yotseguka, ndipo chimene chimaitseka ndi minofu ya chiberekero chomwecho ikakungika n'kuifinya. Chiberekero chikalephera kukungika, mayi akhoza kutaya lita yathunthu inu musanamalize kupukuta mwana. N'chifukwa chake pano nthawi timaiwerenga m'mphindi.

Konzani zida mimba yobereka isanafike

Mukangolandira ntchito, tsegulani bokosi la zangozi ndi kuona ndi maso anu zimene zilimo: makanula aakulu a nambala 16 kapena 18, madiripi a selaini kapena ringazi osachepera malita atatu, kapaipi ka mkodzo, magolovesi aatali, tiranekisamiki asidi, mapiritsi a misopurositolo, zosokera ndi tochi yowala bwino. Okisitosini amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Akakhala masabata m'kabati mwezi wa Okutobala, mphamvu yake imachepa koma maonekedwe ake sasintha, ndiye mumabaya mayi n'kumadabwa kuti chiberekero sichikumva. Magetsi akakhala kuti anazima nthawi yaitali, funsani za firiji.

Kenaka werengani buku la sikelo la mayi aliyense amene ali pa matenda. Ikani chizindikiro pa amene wabereka kasanu kapena kupitirira, wa mapasa, wa mwana wamkulu kwambiri, amene anatayapo magazi pa uchembere wapita, amene anachitidwapo opaleshoni, ndi amene magazi ake ndi ochepa. Kuno kwathu malungo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi amayi ambiri, makamaka a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mayi wa magazi ochepa amakomoka ndi mlingo umene mnzake akanaupirira. Funsaninso mwaulemu za mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo. Mukafunsa mokalipa sakuuzani. Ine ndimati, “Agogo, palibe mlandu, ndingofuna kudziwa kuti ndiwathandize bwino amayiwa. Anamwako kalikonse kunyumba?” Chiberekero chimene chagwira ntchito mwankhanza maola ambiri chimatopa, ndipo chikatopa sichikungika.

Komabe musadalire kwambiri zizindikirozi. Amayi ochuluka amene amataya magazi amakhala alibe ndi chimodzi chomwe m'buku mwawo. Choncho mayi aliyense, mwana akangobadwa ndipo mwatsimikiza kuti mulibe wina m'mimba, alandire okisitosini mayuniti 10 pantchafu mphindi imodzi isanathe. Tulutsani nsengwa pokoka mchombo pang'onopang'ono, dzanja lina litatchinjiriza chiberekero pamwamba pa chinena, kenaka gwirani pamimba kuti mumve ngati chalimba.

Yezani magazi ndi kugwira chiberekero

Timati mayi wataya magazi ambiri akafika mamililita 500 m'maola 24 oyambirira, ndipo pa mamililita 1000 ndiye kuti zafika poopsa. Vuto n'lakuti diso limanama. Nthawi zambiri timayerekeza pang'ono kuposa zenizeni, chifukwa magazi ena alowa m'chitenje, ena atsikira kumsana kwa mayi pa pulasitiki, ena ali pansi, ndipo ena aundana m'chiberekero momwemo. Ngati muli ndi thumba lapulasitiki lolembedwa milingo, liyaleni pansi pa matako mwana akangobadwa ndipo likhalepo ola lathunthu. Ngati mulibe, ikani beseni, tsanulirani mu jagi ya milingo, ndipo zitenje zonyowa muziike pa sikelo ya ana. Chotsani kulemera kwa chitenje chouma; galamu iliyonse yotsalayo ndi pafupifupi mililita imodzi ya magazi. Muuzeni wodikirira mayi kuti asathamangire kukachapa kapena kubisa nsalu inu musanazione. Amayi athu amachita zimenezi chifukwa cha ulemu, ndiye afotokozereni chifukwa chake.

Mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri oyambirira, bwererani kwa mayi. Gwirani chiberekero, onani pansi pake pomutembenuza pang'ono, werengani kugunda kwa mtima, yezani bipi. Chiberekero chabwino chimamveka cholimba ngati papaya wosapsa, cha pamchombo kapena kumunsi pang'ono. Chikamveka chofewa, chikakwera kupitirira mchombo, kapena chikapendekera kumbali, pali vuto: mwina chadzaza magazi oundana, mwina chikhodzodzo chodzaza mkodzo chikuchikankha.

Pa zizindikiro zonse, chimene ndikufuna musachinyalanyaze ndi kugunda kwa mtima. Mayi woyembekezera amakhala ndi magazi ochuluka kuposa nthawi zonse, ndipo thupi la mtsikana wathanzi limatha kusunga bipi pamalo pake mpaka atataya lita imodzi ndi theka. Mukadikira kuti bipi itsike, mwachedwa kale. Mtima ndiwo umayamba kuthamanga, kupitirira 100 pa mphindi. Njira yapafupi ndi iyi: yerekezani kugunda kwa mtima ndi nambala ya pamwamba ya bipi. Kugundako kukafanana ndi nambalayo kapena kuiposa, mayiyo ali pangozi, ngakhale akulankhula nanu bwinobwino. Zina zimabwera pambuyo pake: kupuma mofulumira, kuyera kwa m'maso ndi m'manja, thukuta lozizira, ludzu losatha, chizungulire, kusakhazikika. Mayi akayamba kunena kuti, “Anesi, ndikuona mdima,” kapena akangoti zii mosiyana ndi mmene analili, musaganize kuti n'kutopa kwa matenda.

Musadikire mamililita 500 ngati thupi layamba kale kudandaula. Magazi akafika 300 ndipo pali chizindikiro chimodzi choipa, monga mtima wothamanga kapena bipi yotsika, yambani chithandizo.

Mphindi 15 zoyambirira

Kale tinkapereka chithandizo chimodzi, n'kudikira, chikakanika n'kuyesa china. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, wochitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuyeza magazi ndi thumba la milingo ndi kupereka zithandizo zonse nthawi imodzi kunachepetsa zotsatira zoopsa za kutaya magazi ndi pafupifupi 60 peresenti. Ndiye zimene zikutsatirazi zichitike pamodzi, zonse zithe m'mphindi 15. Pomwe milingo ikusiyana ndi ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo imene yapachikidwa pakhoma panu, tsatirani yapakhomayo.

Tiyerekeze chonchi. Ndi cha m'ma 2 koloko usiku pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Mayi wa zaka 36 wachira mwana wake wachisanu ndi chiwiri atavutika tsiku lonse. Okisitosini munabaya, nsengwa inatuluka. Patapita mphindi 20 mwapeza thumba lili pa 400, chiberekero chafewa ndipo chakwera pamwamba pa mchombo, mtima ukugunda 112, bipi ili pa 100/60. Bipi imeneyi payokha siyoopsa, koma 112 yaposa 100. Mayiyu ayambe kuthandizidwa tsopano.

Itanani anthu mofuula, ndipo aliyense mumupatse ntchito pomutchula. Wothandizira odwala abweretse bokosi la zangozi. Mlonda akadzutse mnzanu kapena kiliniko ofesa ndi kuimba foni ya ambulansi nthawi yomweyo, osati mukalephera. Kuibweza ambulansi n'kwapafupi kuposa kuidikira. Mwana mumupereke kwa agogo ake, atafunditsidwa. Yang'anani wotchi ndi kunena nthawi mokweza kuti wina alembe. Mayiyo muuzeni mwachidule: “Mayi, mukutaya magazi kuposa mlingo. Nditikita pamimba mwamphamvu, zipweteka, koma ndi zimene ziletse magaziwa.”

Tikitani chiberekero. Ikani chikhatho pamwamba pake penipeni, ndi kuzunguliza mwamphamvu mpaka chilimbe, kenaka finyirani kumunsi kuti zoundana zituluke. Musadabwe zikatuluka zambiri nthawi imodzi. Zinali mkati kale, ndipo zikadatsala chiberekero sichikadakungika. Kutikita monyengerera sikuthandiza. Ngati muli nokha, gwirani dzanja la wothandizira, muliike pamalopo, mumuonetse mphamvu yake, iye apitirize pomwe inu mukulowetsa kanula.

Lowetsani makanula awiri aakulu, mkono uliwonse wake, mitsempha isanabisale. Potero tengeranitu magazi okayezetsa kuchuluka kwake ndi gulu lake. Ku mkono woyamba ikani okisitosini mayuniti 20 mu lita imodzi ya selaini kapena ringazi, madontho 60 pa mphindi. Okisitosini wosasungunula musamukankhe mumtsempha mothamanga, chifukwa amagwetsa bipi mwadzidzidzi. Ndipo madiripi okhala ndi okisitosini asapitirire malita atatu. Ku mkono wachiwiri ikani diripi yopanda mankhwala, yotsegula. Mayi amene wayamba kufooka alandire lita yoyamba m'mphindi 15 mpaka 20. Chenjerani ndi wa bipi yokwera ya pamimba kapena wa vuto la mtima, chifukwa madzi ochuluka amadzaza m'mapapo. Mverani pachifuwa pake pafupipafupi.

Perekani tiranekisamiki asidi, galamu imodzi, yomwe ndi mamililita 10, mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Mankhwalawa sakungitsa chiberekero. Ntchito yake ndi kuteteza magazi amene aundana pabala kuti asasungunuke, ndiye amathandiza kaya gwero ndi chiberekero chofewa kaya kung'ambika. Ali ndi malire a nthawi: aperekedwe maola atatu asanathe chibadwire mwana, ndipo phindu lake limachepa mphindi zikamapita. Magazi akapitirira patatha mphindi 30, kapena akayambiranso maola 24 asanakwane, bwerezani galamu ina. Ambiri timawasunga ngati chida chomaliza, pomwe malo ake ndi poyambirira.

Ikani kapaipi ka mkodzo ndipo kakhale komweko. Nthawi zina chikhodzodzo chikangophwa, chiberekero chimalimba chokha. Kapaipiko kakuuzaninso za impso: mkodzo usachepere mamililita 30 pa ola. Mayi agone chagada, miyendo yokwezedwa, afunde bulangete louma, ndipo ngati muli ndi okosijeni mupatseni. Mayi wozizidwa magazi ake amavuta kuundana, choncho musamusiye pa nsalu zonyowa. Asamwe kanthu ngakhale apemphe madzi, popeza mwina akupita ku fiyeta.

Okisitosini akakhala palibe, kapena chiberekero chikamafewabe, ikani misopurositolo mamaikulogalamu 800 pansi pa lilime, amene ndi mapiritsi anayi a 200. Amabweretsa kunjenjemera ndi kutentha thupi, ndiye achenjezeni abale asaganize kuti ndi malungo. Egometirini, mamiligalamu 0.2 pantchafu, ndi wamphamvu, koma musamupereke kwa mayi wa bipi yokwera kapena wa matenda a mtima.

Fufuzani kumene magazi akuchokera

Magwero ndi anayi, ndipo dzanja lanu lili pamimba ndilo likuuzeni koyambira. Mwa amayi khumi otaya magazi, pafupifupi asanu ndi awiri vuto limakhala chiberekero chosakungika, monga mayi wathu uja. Magazi ake amatuluka mwa apo ndi apo, ambiri nthawi imodzi, akuderako, ndi zoundana.

Chiberekero chikakhala cholimba koma magazi ofiira kwambiri akuyenderera osaleka, ganizani za kung'ambika. Pano kuonjezera okisitosini n'kutaya nthawi. Tengani tochi, wina akuunikireni, yang'anani kunja, njira yodutsa mwana mbali zonse, mpaka khomo la chiberekero. Bala limene mukulifikira lisokeni kuyambira pamwamba pang'ono pa nsonga yake, chifukwa mtsempha wodukawo umathawira kumeneko. Limene simungalifikire, panani pomwe pakutuluka magazi kapena tsinderani gozi mwamphamvu, lembani chiwerengero cha gozi, mutumize mayiyo. Palinso magazi obisika. Mayi akamalira ululu woopsa kumunsi ndipo mbali imodzi yatupa, mwina magazi akusonkhana pansi pa khungu. Akafooka kwambiri pomwe otuluka kunja ndi ochepa, mimba ikupweteka paliponse, makamaka ngati ali ndi chipsera cha opaleshoni kapena matenda anatalika, ganizani kuti chiberekero chaphulika. Ameneyu mankhwala ake ndi fiyeta basi.

Gwero lachitatu ndi zotsalira. Nsengwa iliyonse muziiyala m'manja, n'kuona ngati zigawo zake zikulumikizana popanda dzenje, komanso ngati palibe mtsempha wothera m'mphepete mwa nembanemba, umene umasonyeza kuti kachigawo kena katsala mkati. Chiberekero chokhala ndi chotsalira chimalimba mukatikita, n'kufewanso mukangochotsa dzanja. Nsengwa ikakhala kuti sinatuluke patatha mphindi 30, kapena mayi akutaya magazi isanatuluke, amene anaphunzitsidwa aichotse ndi dzanja, atapereka mankhwala a ululu ndi opha tizilombo. Ikakana kusendeka musaikakamize, chifukwa mwina inamera m'minofu. Musakokenso mchombo chiberekero chili chofewa, kuopa kuchitembenuza.

Chachinayi, chosowa koma choopsa, ndi magazi osaundana. Chimakonda kutsatira nsengwa yochoka mwana asanabadwe, mwana wofera m'mimba, bipi yokwera kwambiri, kapena kutaya magazi kumene kwatenga nthawi. Mukhoza kuyeza pabedi pomwepo. Thirani mamililita awiri a magazi m'kabotolo kagalasi kouma, kafumbateni m'dzanja kuti katenthe, ndipo patatha mphindi zinayi muzikapendeketsa mphindi iliyonse. Zikakwana mphindi zisanu ndi ziwiri asanaundane, kapena choundanacho chikamasweka msanga, mayiyo akufunika magazi ndi chipatala chachikulu mwamsanga.

Akapanda kusiya

Tibwerere kwa mayi uja. Mwamupatsa zonse, nsengwa ndi yathunthu, bala palibe, koma thumba lafika 900 ndipo chiberekero chikufewabe. Tsopano manja anu ndiwo agwire ntchito ya minofu imene yatopayo. Valani golovesi lalitali, lowetsani dzanja m'njira, kungani chibakera kutsogolo kwa khomo la chiberekero, ndipo dzanja lina likhale pamimba kuseri kwa chiberekero, n'kuchipana pakati pa manja awiriwo. N'zopweteka kwa mayi ndi zotopetsa kwa inu, koma musaleke mpaka chilimbe kapena wina akulandireni.

Njira ina, yomwe ndi yabwino m'galimoto, ndi kutsindira mtsempha waukulu wa m'mimba. Ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, chakumanzere kwa mayi, ndi kukanikiza molunjika kumsana, mkono wanu uli wowongoka. Ndi dzanja linalo fufuzani kugunda kwa mtsempha wa m'mphechepeche. Kukamamvekabe, ndiye kuti simunatsindire mokwanira.

Ngati muli ndi chovala chomanga mayi wofooka chija, mumangeni kuyambira ku akakolo kukwera mpaka pamimba. Chimakankhira magazi ku mtima ndi ku ubongo ndipo chimagula nthawi ya ulendo. Musachimasule panjira, ngakhale mayi aoneke kuti watsitsimuka. Amachimasula kumene akupitako, chigawo chimodzi chimodzi kuyambira kumapazi. Kondomu yomangirira pa kapaipi, yolowetsedwa m'chiberekero n'kudzazidwa selaini mamililita 300 mpaka 500, imathandiza pa chiberekero chofewa. Koma aiike amene anaphunzitsidwa, atatsimikiza kuti mulibe bala kapena zotsalira, ndipo isachedwetse ulendo wopita kumene kuli fiyeta ndi magazi.

Kutumiza

Imbirani kumene mukutumiza, kaya ndi ku Chipatala Chachikulu cha Zomba kaya kwina kumene kuli fiyeta, ambulansi isananyamuke, kuti akonzeretu magazi. Nenani manambala: nthawi imene mwana anabadwa, magazi amene mwayeza, kugunda kwa mtima ndi bipi, mankhwala amene mwapereka ndi nthawi yake, malita amene alowa, ndi chimene mukuganiza kuti ndilo gwero. Zomwezo zilembedwe pa kalata. Mawu akuti “wataya magazi ambiri” sathandiza wolandirayo kusankha chochita.

Namwino akwere nawo, akhale kumbuyo ndi mayi, dzanja lili pa chiberekero, atatenga madiripi ena, okisitosini ndi mlingo wachiwiri wa tiranekisamiki asidi. Misewu ya kumadera ngati Chingale kapena kunyanja nthawi ya dzinja imadya nthawi, ndipo kanula wosamatidwa bwino amazuka ndi mabampu, choncho mumateni kawiri. Abale amene angathe kupereka magazi apite nawo. Pakakhala kukayika za ulendo chifukwa bambo kapena amalume palibe, lankhulani ndi wamkulu amene alipo mosabisa: “Agogo, mwana wanuyu akufunika magazi amene kuno tilibe. Tikadikira kuti kuche, titaya munthu.”

Magazi akasiya

Ngati chiberekero chalimba ndipo magazi aleka, musamuchotse pamaso panu. Diripi ya okisitosini ipitirire pa madontho 40 pa mphindi, ndipo muzimuona mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri, kenaka motalikitsako mpaka tsiku lithe. Kugunda kwa mtima kuyenera kumatsika ndipo mkodzo uzituluka. Mtima ukamathamangabe pomwe kunja kwauma, fufuzaninso magazi obisika. Mwana ayamwe mayi akangotha kumunyamula, poti kuyamwitsa kumathandiza chiberekero kukungika.

Yezani kuchuluka kwa magazi tsiku lotsatira, chifukwa mlingo woyezedwa magazi ali mkati motuluka umaoneka wabwino kuposa zenizeni. Ukakhala pansi pa 7, kapena mayi akuchita phuma ndi chizungulire akadzuka, atumizidwe kukaonjezeredwa magazi. Enawo apite ndi mapiritsi oonjezera magazi a miyezi itatu. Potuluka, muuzeni iye ndi womudikirira kuti magazi akachulukanso kunyumba, akayamba kununkha, kapena thupi likatentha, abwere tsiku lomwelo, chifukwa zotsalira ndi tizilombo zimayambitsa kutaya magazi ngakhale patapita masabata. Pomaliza lembani m'buku lake, pamalo ooneka, kuti anataya magazi, mlingo wake ndi gwero lake, ndipo mumulangize kuti mimba yotsatira adzachilire ku chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi.